Kiyi wotsegula chipinda chimodzi chokha

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu madzulo, ndipo wolandira ndalama panthambi ya kampani ina ku Mzuzu wachotsedwa ntchito. Makiyi a kabati wawasiya patebulo, koma akaunti yake yolowera pakompyuta ikadali yotsegula. Anyamata a makompyuta kulikulu ku Lilongwe aweruka kale. Kodi bwana wa nthambiyo angopinda manja mpaka Lolemba?

Makampani ambiri amasunga maakaunti a antchito mu Active Directory ya Microsoft, yomwe inabwera ndi Windows 2000. Mmenemo maakaunti amagawidwa m'zipinda zotchedwa `OU`, ndipo nthambi iliyonse ikhoza kukhala ndi chake. Wakulikulu amadina pachipinda cha Mzuzu, n'kusankha `Delegate Control`, kenako n'kupereka mphamvu kwa gulu la oyang'anira nthambiyo. Odziwa ntchito sapereka kwa munthu potchula dzina, chifukwa bwana akasamutsidwa kumangofunika kumuchotsa m'gulumo, basi.

Msampha uli pa mndandanda umene umatuluka. Choyamba pamndandandawo ndi `Create, delete, and manage user accounts`, ndipo waulesi amangodina pomwepo. Wapereka ndi mphamvu yofufuta yomwe. Kutseka ndi kufufuta n'zosiyana kwambiri. Akaunti yotsekedwa imatsegulidwanso ngati munthu wapambana mlandu n'kubwerera pantchito. Yofufutidwa imapita ndi nambala yake yamkati, `SID`, moti ngakhale mutapanga ina ya dzina lomwelo, mafayilo akale saizindikira. Choncho mphamvu zimasankhidwa imodziimodzi: yopanga akaunti, yoika mawu achinsinsi, ndi yotseka. Yotsekayo imaperekedwa motere:

```
dsacls "OU=Mzuzu,DC=kampani,DC=local" /I:S /G "KAMPANI\Mabwana-Mzuzu:WP;userAccountControl;user"
```

Bwana akatseka akaunti wamba, nambala ya `userAccountControl` imachoka pa 512 kufika pa 514. Koma pamalo omwewo ndi pomwenso pamalembedwa kuti mawu achinsinsi asamathe ntchito, ndiye amene wapatsidwa kutseka angathenso kusintha zimenezo. Akulikulu azisuzumirapo.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti kompyuta sidziwa kumene munthu amagwira ntchito. Imangodziwa chipinda chimene muli akaunti yake. Mayi wina akasamutsidwa kuchoka ku Zomba kupita ku Mzuzu, akaunti yake n'kuiwalika m'chipinda cha Zomba, bwana wa ku Mzuzu akafuna kuitseka imamukanira. Bwana wakale, amene sanamuone mayiyo miyezi yambirimbiri, ndiye akadali ndi mphamvu pa iye. Kusamutsa akauntiyo kumafuna mphamvu m'zipinda zonse ziwiri, n'chifukwa chake ntchitoyi imatsalira akulikulu.

Ndipo `Delegate Control` imadziwa kupereka kokha, kulanda ayi. Wofuna kubweza mphamvuzo ayambe wayatsa `Advanced Features`, atsegule `Security` pachipindacho, achotse mizereyo ndi dzanja.