Makatoni 1,000 obisala mu lipoti la malonda

Miyezi itatu iliyonse ikatha, woyang'anira malonda pakampani amakaima pamaso pa bwana wake ndi masilaidi a PowerPoint. Bwanayo amafuna kumva zomwe zagulitsidwa, chomwe chalepheretsa kufika pamlingo womwe adagwirizana, komanso zomwe iye ayenera kugamula. Ambiri amapunthwa pa chachiwirichi.

Tiyerekeze kampani yopikulitsa sopo ku Limbe. Idakonza zoti kuyambira Januwale mpaka Malichi igulitse makatoni 4,000 pamtengo wa K30,000 iliyonse, kuti ipeze K120 miliyoni. Yapeza K108 miliyoni. Silaidi yoyamba ikangonena kuti papelewera K12 miliyoni, bwana agwedeza mutu n'kuti zilibe kanthu, ndi nyengo ya njala.

Koma m'katimu muli nkhani ina. Makatoni omwe adatuluka ndi 3,000 okha, ndipo adagulitsidwa pa K36,000 chifukwa mtengo udakwera chaka chitangoyamba. Makatoni 1,000 osagulitsidwawo, pamtengo wakale, ndi K30 miliyoni yotayika. K6,000 yowonjezera pa katoni iliyonse idabweretsa K18 miliyoni, n'kukwirira mbali yaikulu ya dzenjelo. Ndiye kuti pa makatoni anayi alionse omwe kampani inkayembekeza kugulitsa, imodzi idatsala, pomwe ndalama zikuonetsa ngati vutolo n'laling'ono. Izi zimachitika kwambiri mitengo ikamathamanga, monga mmene zidalili kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake silaidi yabwino imaika makatoni pambali pa makwacha.

Nanga makatoni 1,000 aja adasowera kuti? Kuloza chala mvula n'kosavuta, ndipo bwana aliyense adazimvapo. Umboni uli m'buku la maoda. Ngati eni magolosale adaitanitsa katundu koma sadamulandire, vuto lili kunkhokwe kapena kumagalimoto. Ngati sadaitanitse n'komwe, mwina mtengo wawathawitsira kwa opikisana nawo, mwinanso anthu alibedi ndalama podikira kukolola. Tinene kuti bukulo laonetsa maoda a makatoni 600 omwe sadaperekedwe chifukwa sopo adatha kwa milungu itatu mu Febuluwale, ndipo 400 enawo ndi a makasitomala awiri a ku Mulanje omwe adasiya kugula.

Silaidi yomaliza siyenera kulembedwa kuti "tilimbikira". Imapempha bwana kugamula zinthu zooneka, chilichonse ndi mtengo wake, tsiku lake ndi munthu wochichita. Apa pempho loyamba ndi loti avomereze kuoda makatoni 600 owonjezera anthu asanayambe kugulitsa zokolola ndi fodya. Lachiwiri n'lovutirapo: awachotsere a ku Mulanje aja K1,500 pa katoni kapena ayi? Pa makatoni 400, kuchotserako kudya K600,000 pa miyezi itatu, ndipo silaidiyo ionetsenso ndalama zomwe zingapite makasitomala ena akamva n'kufuna zomwezo.