Buku la msungichuma likasiyana ndi sitetimenti ya kubanki

Pa msonkhano wa kopaletivi ya alimi, msungichuma akuimirira n'kunena kuti pofika pa 30 Juni gulu linali ndi K1,250,000 kubanki. Wapampando akutulutsa sitetimenti yochokera kubanki, ndipo pamzere womaliza palembedwa K1,522,500. Anthu akuyamba kung'ung'udza. Kodi K272,500 yosiyanayo yachokera kuti? Nkhaniyi ndi chitsanzo chabe, koma zotere zimachitika m'makomiti a sukulu, m'mipingo ndi m'makalabu. Kusiyana kwa manambala awiriwa pakokha si umboni wa kuba. Vuto limayamba pamene palibe amene angafotokoze kusiyanako kwacha ndi kwacha. Ntchito yofotokoza imeneyi, yomwe akatswiri owerengera ndalama amaitcha rekonsiliyeshoni, ndi kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu woipempha.

Chifukwa chake amasiyana

Ndalama ndi imodzi, koma olemba ndi awiri, ndipo aliyense amalemba tsiku limene wadziwira. Msungichuma amalemba m'kashibuku tsiku limene walandira ndalama kapena wapereka cheke. Banki imalemba tsiku limene ndalamayo yalowadi kapena yatulukadi mu akaunti. Choncho pali zinthu zimene banki ikudziwa koma msungichuma sanazimve, pali zimene msungichuma akudziwa koma banki sinazione, ndiyeno pali zolakwika polemba.

China chimene chimasokoneza ambiri ndi mitu ya pa sitetimenti. Banki imalemba monga mwa mbali yake. Ndalama imene mwasungitsa ndi ngongole imene banki ili nayo kwa inu, n'chifukwa chake yolowa imaoneka pansi pa Credit ndipo yotuluka pansi pa Debit. M'kashibuku zimakhala mosinthanitsa: zolowa zili ku debiti, zotuluka ku kirediti.

Choyamba: kuchonga

Msungichuma amayala kashibuku, sitetimenti, zotsalira za macheke, masilipi oikira ndalama ndi pepala la rekonsiliyeshoni la mwezi watha. Amayamba ndi la mwezi wathalo, kuona ngati zimene zinali m'njira nthawi imeneyo zafika tsopano. Kenako amatenga mzere umodziumodzi wa pa sitetimenti n'kuufunafuna m'buku. Akaupeza, ndipo ndalama yake ikufanana, amachonga mbali zonse ziwiri. Zotsala zosachongedwa ndizo zimafotokoza kusiyana.

Chachiwiri: kukonza buku

Pa sitetimenti ya kopaletivi ija patsala mizere itatu yosachongedwa. Wogula soya anatumiza K300,000 mwachindunji ku akaunti osauza msungichuma. Banki inadula K8,500 ya machaji a mwezi. Cheke cha K120,000 chimene kasitomala wina anapereka chinabwezedwa chifukwa mu akaunti yake munalibe ndalama zokwanira, ndipo banki inachotsanso ndalamayo. Papezekanso cholakwika chimodzi: matumba anagulidwa pa K54,000 monga risiti ndi sitetimenti zikusonyezera, koma m'buku munalembedwa K45,000.

Zinayi zonsezi zinachitikadi, ndipo buku ndilo latsalira m'mbuyo. Choncho zimalembedwa m'kashibuku momwemo. Pa K1,250,000 tikuwonjezera K300,000, kukhala K1,550,000. Tikuchotsa K8,500, K120,000 ndi K9,000 ya cholakwika chija. Patsala K1,412,500. Iyi ndiyo ndalama imene gulu lingawerengere, ndiponso imene iyenera kulengezedwa kwa mamembala. Cheke chobwezedwacho sichingofufutidwa n'kuiwalika: K120,000 yabwerera kukhala ngongole ya kasitomalayo, ndipo komiti iyenera kumulondola.

Cholakwika cha matumba chili ndi chizindikiro chake. Manambala awiri akasinthana malo, monga 54 ndi 45, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Mukasowa K9,000, K1,800 kapena K270, yambani mwayang'ana manambala otembenuzidwa. Ngati kusiyana kuli kuwirikiza kawiri ndalama ina ya m'buku, mwina ndalamayo inalembedwa mbali yolakwika.

Chachitatu: zimene zili m'njira

M'buku namonso mwatsala mizere iwiri yosachongedwa. Pa 27 Juni gulu linapatsa mwini lole amene ananyamula soya cheke cha K260,000, koma iye sanapite nacho kubanki. Ndipo K150,000 imene inaikidwa madzulo a pa 30 Juni inalembedwa ndi banki tsiku lotsatira, mu Julaye.

Ziwirizi sizikhudza buku, chifukwa msungichuma anazilemba kale molondola. Zimangolembedwa papepala la rekonsiliyeshoni. Tikuyamba ndi K1,522,500 ya pa sitetimenti, tikuwonjezera K150,000 imene banki sinailembe, kukhala K1,672,500. Tikuchotsa K260,000 ya cheke chimene sichinatapidwe. Patsala K1,412,500, yofanana ndendende ndi buku lokonzedwa. K272,500 ija yafotokozedwa yonse.

Apa pali phunziro kwa komiti imene imangodalira balansi ya pafoni. Ikanaona K1,522,500 n'kuitanitsa feteleza wa ndalama yonseyo, cheke cha mwini lole chikanabwezedwa, gulu n'kuchita manyazi ndi kulipira chindapusa. Kulipira kudzera pafoni kwafupikitsa nthawi yodikira, koma machaji, ndalama zolowa mosadziwitsa ndi zolakwika polemba zikadalipo. Ngati yalakwitsa ndi banki, monga kudula machaji kawiri, musasinthe buku kuti lifanane nayo. Lembani cholakwikacho papepala la rekonsiliyeshoni, ndipo lemberani banki kalata kuti ikonze.

Zimene membala ayenera kufunsa

Chinthu chimene chilidi m'njira chimafika. K150,000 ija iyenera kuoneka m'masiku oyambirira a sitetimenti ya Julaye. Ikaonekanso pa rekonsiliyeshoni ya Julaye kuti idakali m'njira, pemphani silipi yokhala ndi chidindo cha banki, chifukwa ndalama yoikidwa siyenda mwezi wathunthu. Cheke chimene chadutsa miyezi isanu ndi umodzi chisanatapidwe banki imachikana, choncho chifufuzidwe ndipo ndalama yake ibwezeretsedwe m'buku. Musavomerenso mzere wongoti "zina ndi zina" woikidwa kuti manambala agwirizane. Ngakhale ukhale wa K500, ungabise zolakwika ziwiri zazikulu zimene zatsala pang'ono kufafanizana.

Funsaninso kuti sitetimenti anabwera nayo ndani. Wosunga buku asakhale yekhayo woiona. Wapampando kapena membala wina wosasaina macheke alandire yake kuchokera kubanki, aone pepala la rekonsiliyeshoni, asaine ndi kulemba tsiku. Amalawi akukumbukira Kashigeti ya mu 2013, pamene ndalama za boma zinalipiridwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndipo zolembedwa zake zinafufutidwa m'makompyuta a boma a IFMIS. Ndalama yotuluka kubanki koma yosaoneka m'buku ndi chinthu chenicheni chimene kuchonga mzere ndi mzere kumavumbula, malinga ngati wochongayo sali m'gulu la ofufutawo.

Komabe rekonsiliyeshoni ili ndi malire. Ndalama imene inalandiridwa pamanja, osalembedwa m'buku ndiponso osapita kubanki, siioneka mbali iliyonse. Malipiro a katundu amene sanabwere, ngati alembedwa mbali zonse, amachongedwa bwinobwino. Izi zimagwidwa poona buku la malisiti ndi powerenga matumba m'nyumba yosungiramo katundu. Choncho pa msonkhano wa mwezi uno pemphani zinthu zinayi patebulo: kashibuku, sitetimenti yochokera kubanki, pepala la rekonsiliyeshoni losainidwa ndi anthu awiri, ndi malisiti. Kenako tsegulani pepala la mwezi watha, muone ngati zimene zinali m'njira zinafikadi.