Musanasaine kotesheni, ibwerezeni ndi pensulo

Komiti ya sukulu ikafuna kukonza denga la kalasi, mwambo wake ndi wotenga makotesheni atatu ku masitolo osiyana, kuti ndalama za anthu zisapite kwa wogulitsa mmodzi mwachibale. Mwambowu ndi wabwino, koma pali pamene umafooka. Pamsonkhano maso onse amathamangira ku nambala ya pansi penipeni, kenako wapampando n'kunena kuti, "Otchipa ndi awa." Mizere ya pamwamba, imene yabala nambalayo, palibe amaiwerenga. Komatu zolakwa zambiri zimabisala m'mizeremo.

Tiyambe tasiyanitsa mapepala. Kotesheni imabwera musanagule, ndipo imanena mtengo umene wogulitsa akulonjeza. Invoisi imabwera pofuna malipiro. Lisiti ndi umboni woti mwalipira. Mukavomera kotesheni, mwalowa m'pangano, ndipo zimene zalembedwamo ndi zimene mudzaimirepo mukadzasemphana. Zimene munangogwirizana pakamwa pakauntala n'zovuta kuzitsimikiza pamaso pa majisitireti.

Tiyerekeze kuti kotesheni ina yalembedwa motere, mitengoyi ndi yongochitira chitsanzo. Malata 40 pa K28,500 lililonse, pamodzi K1,410,000. Simenti matumba 25 pa K32,000, pamodzi K800,000. Misomali makilogalamu 10 pa K6,500, pamodzi K65,000. Thiransipoti K90,000. Zonse pamodzi K2,365,000, kenako msonkho wa VAT K390,225, ndipo zoti mulipire ndi K2,755,225.

Mukangowonkhetsa manambala a kumanja, mupeza kuti zikugwirizana bwinobwino, ndipo msungichuma akhoza kusaina ndi mtima woyera. Ntchito yoyamba si kuwonkhetsa ayi, koma kuchulukitsa mzere uliwonse pawokha: chiwerengero cha katundu ndi mtengo wa chimodzi. Malata 40 pa K28,500 ndi K1,140,000, osati K1,410,000. Wolemba anasinthanitsa 1 ndi 4, ndipo K270,000 yakwera pabilu popanda lata n'limodzi lomwe. Anthu owerengera ndalama ali ndi kanjira kozindikirira vuto lotere: manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Yesani 270,000, muona.

Cholakwacho sichithera pamzere wakewo. Msonkho umawerengedwa pa chiwonkhetso, choncho chiwonkhetso chikatupa, msonkho nawo umatupa. Mu chitsanzo chathu tagwiritsa ntchito 16.5 peresenti, mlingo umene unakhalapo kwa zaka zambiri kuno ku Malawi. Boma limausintha kudzera mu bajeti, ndiye tsimikizani wa lero ku bungwe lotolera msonkho la MRA. Chiwonkhetso choona ndi K2,095,000, msonkho wake K345,675, zonse K2,440,675. Sukulu ikanataya K314,550, ndalama yokwanira matumba asanu ndi anayi a simenti n'kutsalako chenje. Sikuti nthawi zonse ndi chinyengo. Kalaliki wotopa amalakwa ndithu. Koma wolipira kulakwako ndi inu.

Pa VAT pomwepa pali mafunso awiri. Kodi mitengo ya m'mizere ili kale ndi msonkho mkati, kapena msonkho ukudza pamwamba? Ngati uli kale mkati kenako auwonjezanso pansi, mwalipira kawiri. Ndipo poyerekeza makotesheni atatu aja, ina yokhala ndi msonkho ina yopanda, yooneka yotchipa ikhoza kukhala yodula kuposa zonse. Funso lachiwiri: kodi wogulitsayo analembetsa ku MRA kuti azitolera VAT? Si bizinesi iliyonse yololedwa kutero. Amene amatolera ayenera kuonetsa nambala yake ya msonkho, ya TPIN, ndi kukupatsani lisiti lovomerezeka ndi MRA. Pepala lolembedwa ndi dzanja, lopanda TPIN koma lotchaja VAT, likukuuzani kuti ndalamayo mwina sifika ku boma.

Masamu akakhala bwino, yang'anani zimene sizinalembedwe. Apa ndi pamene anthu ambiri amalirira, chifukwa chosowa sichioneka. "Malata 40" si chinthu chodziwika. Ndi a geji yanji? Nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, motero la geji 32 ndi lopepuka ndiponso lotsika mtengo kuposa la geji 28. Ndi aatali mafiti angati, 10 kapena 12? Ngati pepala silinena, wogulitsa akhoza kubweretsa opyapyala, aafupi, ndipo simungamutsutse, poti walemba malata ndipo wabweretsa malata. Simenti nayonso ili ndi magiredi, 32.5 ndi 42.5, ndipo thumba lake ndi la makilogalamu 50, zonsezi zilembedwe. Mzere wongoti "zina ndi zina" wokhala ndi ndalama pambali musaulole. Auphwanye, atchule chilichonse.

Thiransipoti ija ya K90,000 ikufika pati? Pasukulu penipeni, kapena pa tiledingi senta pomwe tala wathera? Otsitsa katundu alipidwa ndi ndani? Matumba akanyowa m'njira, kapena lata likapindika, mlandu ndi wa yani? Ndipo mtengowu ukhala masiku angati? Amene anali ndi kotesheni m'thumba mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo ungasinthe usiku umodzi. Kotesheni yopanda deti ndi tsiku lothera mphamvu siimanga wogulitsa, ndipo makomiti athu, odikira masiginecha a anthu atatu, amachedwa.

Za kalipiridwe ndiye zofunika kuzikhalira pansi. Ambiri amangolemba kuti theka poyamba, yotsala pomaliza. Theka la chiyani, la K2,095,000 kapena la K2,440,675? Pomaliza chiyani, galimoto ikanyamuka ku sitolo, kapena katundu akafika n'kuwerengedwa? Ngati alemba kuti mulipire pasanathe masiku 30, masikuwo ayambira pa deti la invoisi kapena tsiku lolandira katundu? Mukachedwa pali chiwongoladzanja, ndipo n'chingati? Nanga iwo akachedwa kapena akalephera, dipoziti ibwerera yonse? Pepala labwino limanena ndalama yeniyeni m'makwacha ndi tsiku lenileni. Ine ndimaona kuti dipoziti yaikulu yopanda tsiku lobweretsera katundu ndi ngongole imene mwapereka kwa wogulitsa popanda chikole.

Onaninso kumene ndalama ikupita. Dzina la akaunti ya kubanki lifanane ndi dzina la bizinesi lomwe lili pamwamba pa pepala. Mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, kapena woti mutumize pa nambala ya foni ya munthu wina, musatumize kufikira mutalankhula ndi mwini sitolo pa nambala imene mumaidziwa kale.

Invoisi ikabwera, musaiwerenge yokha. Iikeni patebulo pamodzi ndi kotesheni imene munavomera ndiponso pepala limene munasainira polandira katundu. Ngati munalandira matumba 23, invoisi isanene 25. Ngati munapereka dipoziti, ioneke itachotsedwa. Onani nambala ya invoisi, chifukwa invoisi imodzi ikhoza kufika kawiri n'kulipidwa kawiri, makamaka komiti ikasintha.

Mukapeza cholakwa, musafufute nokha ndi cholembera, ngakhale chitakhala chokomera inu. Bwezani pepalalo, apereke lina lokonzedwa, losainidwa ndi kudindidwa, ndipo lakalelo musunge kope lake m'faelo. Wogulitsa akakana kukonza, kapena akadya dipoziti osabweretsa katundu, dandaulo lingapite ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kapena kubwalo la majisitireti. Konseko adzakufunsani mapepala. Choncho inu a msungichuma, pamsonkhano wotsatira pemphani anthu awiri awerengere aliyense payekha, ndipo malipiro asasainidwe mpaka manambala awo atafanana.