Malonda Amene Wosewera Amadzisankhira Yekha

Masewera aulere a pafoni amafunikabe ndalama zolipirira owapanga. Njira imodzi yozipezera ndi kanema wa malonda wopatsa mphoto: wosewera amavomera yekha kuonera kanema wa masekondi 15 mpaka 30, ndipo akamaliza amalandira kenakake m'masewerawo.

Chinsinsi chake chagona pa nthawi yomufunsira. Taganizani za munthu amene wagonja atangotsala pang'ono kumaliza gawo lovuta. Pamenepo batani lonena kuti "Onera kanema upitirize" limakhala ngati thandizo. Koma kanema wongotulukira pakati pa mpikisano amapsetsa mtima, ndipo ena amangofufutiratu masewerawo.

Batanilo linene mphoto momveka bwino, ndipo amene wakana apitirize popanda chilango. Lizioneka pokhapokha kanema atatsitsidwa kale pafoni kuchokera ku makampani ogawa malonda monga AdMob kapena Unity Ads, chifukwa palibe chokhumudwitsa ngati kudina n'kungodikirira chabe, kapena kuwononga bandulo koma mphoto osailandira.

Kukula kwa mphoto nakonso n'kofunika. Ngati lupanga la m'masewera likugulidwa ndi makobidi 500, mphoto ya makobidi 50 imakopa ndithu, koma ya 400 imathetsa phindu la kusewera. Muikenso malire, mwina makanema asanu patsiku.

Pomaliza, yambani ndi kagulu kochepa ka osewera, mukayerekeze ndi gulu lomwe silikuona malondawo. Ngati obwereranso tsiku lotsatira achepa m'kaguluko, chepetsani malondawo musanawafikitse kwa onse.