Maere a m'munda wozungulira: bwanji amaunjikana pakati?

Kuchigwa cha Shire, m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo, kuli minda ina yozungulira chifukwa imathiriridwa ndi chipaipi chachitali choyenda pa mateyala, chomwe chimazungulira mzati wapakati. Tiyerekeze kuti chipaipicho ndi cha mamita 400. Munda wotere umakwana mahekitala pafupifupi 50. Mlangizi akufuna kutapa dothi pamalo 100 kuti akaliyeze, ndipo malowo asankhidwe mwamaere, mopanda kukondera mbali iliyonse ya munda.

Nzeru imene imabwera msanga ndi iyi: kompyuta ipereke nambala ziwiri zamaere, ina yonena koyang'ana, kuyambira madigiri 0 mpaka 360, ina yonena mtunda woyenda kuchokera pamzati, kuyambira mamita 0 mpaka 400. Zikumveka zachilungamo, koma mukajambula malowo papepala, muona madontho atathithikana pakati, m'mphepete muli patalipatali.

Vuto lili pa mtunda. Posankha chonchi, theka la malo onse limagwera mkati mwa mamita 200 oyambirira. Komatu bwalo la mamita 200 si theka la munda. Kukula kwa bwalo kumayendera mtunda wochulukitsidwa ndi iwo womwe, ndiye mukadula mtunda pakati, malo amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi: mahekitala 12 ndi theka basi. Malo otapapo dothi 50 apanikizana pamenepo, ndipo 50 enawo amwazikana pa mahekitala oposa 37. Ngati dothi la pafupi ndi mzati lili losiyana ndi la m'mphepete, zotsatira za kuyezako zinena za pakati, pomwe nzimbe zambiri zili kunja.

Kukonza kwake n'kochepa. Tengani nambala yamaere ya pakati pa 0 ndi 1, koma musaichulukitse ndi 400 nthawi yomweyo. Yambani mwapeza nambala imene, mukaichulukitsa ndi iyo yomwe, imakupatsani yamaereyo. Mu Excel mumalemba motere, mzere woyamba wa mtunda, wachiwiri wa madigiri:

```
=400*SQRT(RAND())
=360*RAND()
```

Tinene kuti maere apereka 0.25. Njira yolakwika ija ikanakuimikani pa mamita 100. Njira iyi isandutsa 0.25 kukhala 0.5, ndipo muima pa mamita 200. N'zoyeneradi, chifukwa nambala zochepera 0.25 ndi gawo limodzi mwa anayi la maere onse, monganso malo a mkati mwa mamita 200 ali gawo limodzi mwa anayi la munda. Akapereka 0.64, isanduka 0.8, kutanthauza mamita 320. Dontho lililonse lakankhidwira kunja pamlingo wofanana ndi mmene malo akuchulukira.

Musakhulupirire maso okha, pakuti maere enieni amasiya timagulu ndi mipata apa ndi apo. Werengani. Pa malo 100, omwe ali mkati mwa mamita 200 akhale pafupifupi 25; akakhala 21 kapena 29 palibe chodandaulitsa, koma akayandikira 50 ndiye kuti SQRT yaiwalika. Mzere wogawa munda pakati penipeni uli pa mamita 283.

Mkati mwa chinthu chobulungira ngati mpira, kukondera kumakula. Theka la mtunda kuchokera pakati limatenga gawo limodzi lokha mwa magawo 8, choncho m'malo mwa SQRT mumalemba `RAND()^(1/3)`. Palinso msampha wachiwiri: mukasankha mwamaere madigiri okwera ndi otsika, madontho amaunjikana kumutu ndi kutsinde kwa mpira, kumene mizere yozungulira imafupika. Chithandizo chinachokera kwa Archimedes zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iye anaonetsa kuti mpira ukadulidwa m'magawo ofanana kunenepa, chikopa cha gawo lililonse chimakhala chofanana kukula. Ndiye posankha koyang'ana, sankhani msinkhu mwamaere pakati pa -1 ndi 1, osati madigiri.

Kwa amene sakufuna masamu onsewa, ine ndimalimbikitsa njira yotaya. Jambulani bokosi la mbali zinayi zofanana lokuta munda wonse, mamita 800 mbali iliyonse. Sankhani mwamaere nambala ya kum'mawa ndi ya kumpoto, ndipo dontho likagwera kunja kwa bwalo, litayeni n'kusankha lina. Musalikokere m'mphepete, chifukwa mukatero mwayambitsa kuunjikana kwina. Pa madontho 100, pafupifupi 79 amagwera mkati mwa bwalo. Pa mpira wa m'bokosi amatsala pafupifupi 52, ndiye pofuna madontho 1,000 abwino, kompyuta iyenera kuponya pafupifupi 1,900.