Gemu imodzi, mipikisano itatu

Gemu ya The Legend of Zelda: Ocarina of Time, yomwe kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1998, imatengera munthu wamba masiku angapo kuti aimalize. Koma pali akatswiri ena amene amapikisana kuimaliza mwachangu, ndipo mumapeza wina watha m'mphindi zosakwana zisanu, mnzake watha maola oposa atatu, onsewo n'kukhala akatswiri a dziko lonse. Chimawasiyanitsa ndi malamulo a gulu limene aliyense akupikisanamo.

Gulu la Any% lili ndi cholinga chimodzi: kufika pamapeto a gemu, pomwe pamatuluka mayina a amene anaipanga. Zimene wadumpha panjira sizifunsidwa, ndipo zolakwika zimene zinatsalira mu pulogalamu ya gemuyo n'zololedwa kugwiritsa ntchito.

Mu 2019 osewera anatulukira njira yotchedwa SRM. Mnyamata wa m'gemuyi, Link, amanyamula chinthu ngati mwala, ndiye wosewera amapusitsa gemu kuti ifufute mwalawo m'chikumbumtima chake Link akadaunyamula. Gemu imapitiriza kulemba manambala a mwalawo pamalo pomwe tsopano pakhala zinthu zina. Wosewera akaima pamalo enieni n'kuyang'ana mbali yoyenera, manambalawo amasanduka malangizo, ndipo gemu imalumphira kumapeto Link asanatuluke m'nkhalango ya Kokiri momwe nkhani imayambira. Akaphonya pang'ono chabe, kawirikawiri gemu imangouma, ndipo ayenera kuyambiranso.

M'gulu la Glitchless zonsezi n'zoletsedwa. Kudutsa m'khoma sikuloledwa, choncho kuti atsegule khomo la Door of Time, wosewera ayenera kutolera kaye miyala itatu yopatulika, kenako apite mu akachisi mpaka akagonjetse Ganon. Luso pano lili posankha njira yaifupi ndi kusalakwitsa kwa maola onsewo. Mwachitsanzo, Link amathamanga kwambiri akamayenda chafutambuyo kusiyana ndi kuyenda chamtsogolo, n'chifukwa chake osewera amadutsa chigwa cha Hyrule atafulatira kumene akupita. Izi zimaloledwa, pakuti ndi mayendedwe amene gemu imapereka yokha.

Gulu la 100% limasintha cholinga chenichenicho. Wosewera ayenera kutolera zinthu zonse, kuphatikizapo akangaude agolide 100 ndi zidutswa za mtima 36, koma njira zambiri zopusitsira gemu zimaloledwa.

Malire pakati pa luso ndi cholakwika cha pulogalamu saikidwa ndi Nintendo. Osewera eniake amakambirana njira iliyonse yatsopano, n'kulemba zololedwa ndi zoletsedwa. Wopikisana amatumiza vidiyo ya masewera ake onse, oyang'anira n'kuiona bwinobwino, ndipo njira yoletsedwa ikapezeka ngakhale kamodzi, nthawi yake siilandiridwa m'gululo. Njira yatsopano ikafupikitsa gemu mopitirira, amatsegula gulu lina loiletsa, monga No SRM, kuti amene amakonda njira zakale apitirize kupikisana okhaokha.