Mutu wa vidiyo usinthidwe liti? Funsani manambala awiri

Munthu akaika vidiyo pa YouTube n'kuona kuti patha masiku atatu oonera sanafike ndi 100 omwe, mtima umathamangira kusintha mutu. Mawa lake asinthanso, mkuja n'kubwezeretsa wakale uja. Nthawi zambiri mutuwo umakhala ukufera za eni. Musanaukhudze, tsegulani YouTube Studio, sankhani vidiyoyo, lowani pa Analytics, kenako pa Reach. Pamenepo pali manambala awiri amene angakuuzeni ngati mutu uli ndi mlandu.

Yoyamba yalembedwa kuti Impressions. Imawerenga kuti kachithunzi ka pachikuto ka vidiyo yanu kaonetsedwa kangati kwa anthu pa YouTube pomwepo, ndipo imawerenga pokhapokha theka la kachithunziko likaoneka kwa nthawi yoposa sekondi imodzi. Yachiwiri ndi Impressions click-through rate, mwachidule CTR: pa maulendo 100 aliwonse amene kachithunziko kaoneka, ndi kangati pamene munthu anadina n'kuyamba kuonera. Zili ngati pa msika. Nambala yoyamba ndi ya odutsa pa benchi panu, yachiwiri ndi ya amene aima n'kufunsa mtengo.

Dziwani ichi, inu amene mumamwaza maulalo m'magulu a WhatsApp: oonera obwera kudzera kumeneko salowa m'manambala awiriwa. Achibale 300 akhoza kuonera, CTR osasuntha n'komwe.

Eni ake a YouTube amati theka la mavidiyo ndi matchanelo onse limakhala ndi CTR ya pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Mpata umenewu ndi waukulu kwambiri moti sungakuweruzireni mlandu. Muyeso wabwino ndi mavidiyo anu ena omwe.

Tiyerekeze ndi mlimi amene wajambula vidiyo ya mphindi 8 yophunzitsa kupanga manyowa a Mbeya, n'kuitcha "Kumunda lero, gawo 4". Patatha masabata awiri, kachithunzi kaoneka ka 8,000, anthu adina ka 240. Gawani 240 ndi 8,000, mupeza 3 peresenti. Kodi ndi yochepa? Payokha nambalayi sikunena kanthu. Mlimiyu ayenera kuiphwanya molingana ndi kumene anthuwo anachokera, pa Traffic source. Akatero akupeza kuti pa Browse features, kutanthauza makamaka tsamba loyamba la YouTube, vidiyo yaoneka ka 6,000 n'kudinidwa ka 210, yomwe ndi 3.5 peresenti, monga zimakhalira ndi mavidiyo ake ena. Koma pa YouTube search yaoneka ka 2,000 n'kudinidwa ka 30 kokha, 1.5 peresenti, pomwe mavidiyo ake ena amafika 7.

Apa ndiye pagona nkhani. Wofufuza ndi munthu amene wabwera kale ndi njala yake. Walemba yekha kuti "manyowa a Mbeya". YouTube yamubweretsera vidiyo yoyenera, iye wawerenga mutu, sanaonepo mawu amene amafuna, wapitirira. Ndipo mlimiyu akayang'ana Average view duration, akupeza kuti ochepa amene analowawo amakhala mphindi 5 mwa 8 zija. Ndiwo ndi zabwino, chalakwika ndi chikwangwani. Mutu uwu ndi woyenera kulembedwanso: "Kapangidwe ka manyowa a Mbeya: zofunika ndi muyeso wake". Mawu ofunikawo akhale kumayambiriro, chifukwa ngakhale YouTube imalola zilembo 100, pa foni mutu wautali umadulidwa kumchira.

Pali kutsika kwina kwa CTR kumene kumaopsa anthu pachabe. Tsiku loyamba vidiyo imaonetsedwa kwambiri kwa amene amakudziwani kale, ndipo iwo amadina msanga: yaoneka ka 1,000, CTR ili pa 9 peresenti, adina ka 90. Ikayamba kufika kwa alendo, yaoneka ka 30,000, CTR yagwa kufika pa 4. Musadandaule, chifukwa 4 peresenti ya 30,000 ndi 1,200. Vidiyo ikukula, ndipo ine mutu wotere sindingaukhudze.

Nanga ikaoneka ka 150 kokha? Dikirani kaye. Pa nambala yochepa chonchi, anthu atatu okha akhoza kukweza CTR ndi 2 peresenti yathunthu. Koma CTR ikakwera pamene anthu akuthawa isanathe mphindi imodzi, mutu walonjeza zimene m'vidiyomo mulibe, ndipo umenewonso ndi wofunika kukonza, pouchotsa mchere wonyanyawo.

Mukaganiza zosintha, lembani penapake tsikulo ndi manambala a tsikulo. Kachithunzi musakakhudze, chifukwa CTR ndi ntchito ya mutu ndi kachithunzi pamodzi; mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Pakatha sabata, yerekezani CTR ya pa YouTube search ya masiku atsopano okhawo ndi ija munalemba, osati ya moyo wonse wa vidiyoyo.